Kavidiyo ka Amayi

Ukwati utatha, telala anayeretsa tsamba lake la pa intaneti. Zithunzi za mwamuna wake anaziika mu akaivu, mobisika momwe amaona mwini yekha, poti mwina munthuyo adzabwerera. Kavidiyo ka amayi ake akuseka m'shopu anakafufuta, chifukwa pansi panali zigamba mbwee.

Chaka chotsatira amayiwo anamwalira. Maliro atatha, telala anapatsa mlamu wake foni.

"Alamu, ndipezereni amayi. Ndikufuna ndimve mawu awo."

Mlamuyo anatsegula akaivu, nasankha chithunzi chimodzi choyesera, nadina kuti chionekenso patsamba. Chinabwerera pamalo pake pakale, ndemanga zonse zili pompo: mwamuna uja, mano onse pamtunda.

"Achimwene angawa ndiye munawasunga bwino. Nanga amayi, munabisa kapena munafufuta?"

"Ndinafufuta."

Mlamuyo anayang'ana mosungira zofufutidwa posachedwa. Munalibe kanthu.

"Zofufuta zimangodikira mwezi, kenako zapita. Foni imene munajambulira kavidiyoko ilipo?"

"Inagwera m'madzi."

Telala anakhala pansi, natsinzina, kuyesa kukumbukira kasekedwe ka amayi ake. Nkhope inabwera, koma mawu ayi.