Ng'ombe Yoponda Kawiri

Ng'ombe ya m'katuni inayenda pa sikirini kwa masekondi khumi okha, adokotala a ziweto n'kukweza dzanja.

"Imitsani kaye. Chimenechi n'chiyani?"

"Ndi ng'ombe yathanzi ija, adokotala," anatero mwini situdiyo, akumwetulira. "Yodwala chiboda ikubwera kutsogoloku."

"Yathanzi? Ine ndikuona anthu awiri atafunda chikopa. Alimi akaona zimenezi adzaseka mpaka vidiyo kutha. Ndiwauza bwanji kuti umu ndi mmene ng'ombe yabwino imayendera? Wajambula ndani?"

Chete anali pakona, pafupi ndi fani yomwe inkangozunguza mpweya wotentha. Dzinali anamupatsa ndi anzake a pantchito chifukwa ankatha tsiku lonse atangonena moni yekha. Mwini situdiyoyo anali alamu ake, amuna a achemwali ake aakulu. Pantchito ankafuna kutchedwa bwana.

Bwanayo sanamuyang'ane n'komwe. Anangoloza ndi chibwano.

"Za miyendo zonse tinamusiyira mtsikanayu. Mutikhululukire, akuphunzira. Lero lomwe ndimuchotsa pa ntchito imeneyi, ndiigwira ndekha."

Chete anali atapita masiku asanu kukhola la ng'ombe zamkaka kunja kwa tauni, kuima m'matope osakanikirana ndi ndowe, foni ili m'manja. Mavidiyowo anawaonera chithunzi chimodzichimodzi mpaka maso kufiira. Kenako analemba tchati cha mayendedwe: zithunzi 32 kuti miyendo yonse inayi iponde kamodzikamodzi, chiboda chilichonse ndi nthawi yake. Anajambula miyendo yakutsogolo, koma asanayambe yakumbuyo alamu akewo anamutuma kukapaka utoto mitengo ndi mpanda za m'katuniyo. "Nthawi yatha, mlamu. Mwendo ndi mwendo basi." Alamuwo anakopera okha mayendedwe a miyendo yakutsogolo, kuwaika kumbuyo, n'kuwasuntha ndi zithunzi 16 monga amachitira ndi manja a munthu woyenda. Tchati chija anaikirapo kapu ya tiyi.

Wamawu, mkulu amene ankaika phokoso m'makatuni awo, anavula mahedifoni khutu limodzi n'kunong'ona. "Achete, mwafa lero. Maliro ake tiimba nyimbo yanji?"

Chete sanaseke. Ankaona nkhope ya achemwali ake, amene anamupemphera ntchitoyi, amene nthawi zonse ankati, "Alamu ako usamawayankhe pagulu." Koma adokotala anali atatembenuka kale, akumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe mwana, ng'ombe unaionapo? Kapena umangoidziwira m'mbale?"

Chete anadzuka. Mpando unagunda khoma. Anapita pa desiki ya bwana, kuchotsa kapu, n'kusolola pepala lomwe linali ndi zizindikiro zitatu za tiyi.

"Khala pansi," anatero bwana.

"Ndikhala, alamu. Ndithe kaye."

Anaika pepalalo patsogolo pa adokotala. Kenako anagogoda tebulo ndi chala kanayi, mosathamanga.

"Ng'ombe ikamayenda imaponda kanayi, osati kawiri. Umayamba mwendo wakumbuyo wakumanzere. Ukamafika, wakutsogolo wa mbali yomweyo umakhala wanyamuka kale kuupatsa malo, ndipo wakumbuyowo umatera pafupi ndi pamene mnzake wachoka. Kenako wakutsogolowo uponda. Ndiye wakumbuyo wakumanja, n'kumalizira wakutsogolo wakumanja. Pakati pa chiboda ndi chinzake pali zithunzi zisanu ndi zitatu. Zalembedwa apa."

Adokotala anatulutsa magalasi m'thumba la jekete.

"Iyo ili apoyo," Chete analoza sikirini, "wakutsogolo wakumanzere ukutera limodzi ndi wakumbuyo wakumanja. Ng'ombe imatero ikayamba kuthamanga. Iyi ikuthamanga koma ikuchedwa ngati ili m'madzi, n'chifukwa chake diso likukana. Komanso taonani mwendo wakumbuyo. Ukupinda ngati wakutsogolo, chonsecho chotupa chija chimaloza kumbuyo si bondo, ndi chidendene. Bondo lili m'mwamba, pafupi ndi mimba."

"Zimenezi ndi za m'mabuku," bwana analowerera. "Woonera sawerenga ziboda."

"Sawerenga, koma amadziwa. Mlimi amamva ng'ombe yake ikubwera asanaione."

Wamawu anatsokomola. "Pajatu ine ndinaikamo phokoso la ziboda zinayi, bwana, linakana kugwirizana ndi chithunzi. Munati makutu anga akalamba."

"Iwe tseka pakamwa."

"Ndatseka. Makutu okha ndiye satsekeka."

Adokotala sanali kumva zimenezo. Chala chawo chinkatsika ndi mizere ya tchati. "Nanga yotsimphina unalemba bwanji?"

"Tsamba lakuseri. Ngati chovulala ndi chiboda chakutsogolo, imakweza mutu chikamaponda, n'kuutsitsa chikaponda chabwinocho. Sichedwa pa chiboda chowawacho, ndiye ndinachepetsa zithunzi zake. Msana umapindika m'mwamba."

"Ndipo mu vidiyomu zili choncho?"

Chete anayang'ana alamu ake koyamba. Mtsempha unali utatupa pachipumi pawo. Akanatha kunena kuti sakudziwa. Mawu a achemwali ake anabweranso, koma anawameza limodzi ndi malovu.

"Ayi. Mu vidiyomu mutu ukutsikira pa chiboda chovulala. Mlimi akatsatira zimenezo, adzatsuka mwendo wabwino, wodwala n'kumaola."

"Unajambula ndiwe?"

"Sindine."

Adokotala anavula magalasi aja pang'onopang'ono n'kutembenukira kwa bwana.

"Bambo, kulakwitsa aliyense amalakwitsa. Koma kundinamiza ine, n'kusenzetsa mwana katundu wanu, pepala lolondola mukuliyesa choikapo kapu? Tamverani. Lachisanu ndibweranso. Ng'ombe zonse ziwiri ajambule ndi uyu. Ndikapeza mwamuchotsa, ntchito ndipita nayo kwina."

Anatenga chikwama n'kutuluka. Bwana anawaperekeza mpaka pamasitepe, akuseka kaseko kouma. Pobwerera anamenyetsa chitseko mpaka kalendala inagwa.

"Wandivula pamaso pa anthu. M'nyumba mwanga umagona, chakudya changa umadya."

"Munayamba ndinu kundivula, alamu."

"Pano ndine bwana wako."

"Bwana, fayilo ya ng'ombe ili pa kompyuta yanu. Mundipatsa kapena ndiwaimbire adokotala?"

Anayang'anizana. Kenako bwanayo anazula fulashi yosungira mafayilo pa kompyuta n'kuiponya pa desiki ya Chete. Inatsetsereka n'kugwera pansi. Bwanayo anatuluka, foni ili kale kukhutu, ndipo aliyense ankadziwa amene akuimbiridwa.

Chete anatola fulashiyo. Sipanapite mphindi zisanu, foni yake inayamba kunjenjemera. Achemwali. Anaitembenuza chafufumimba.

Anatsegula fayilo, kusankha miyendo yakumbuyo yonse iwiri, n'kuichedwetsa ndi zithunzi zisanu ndi zitatu. Panali patatsala zambiri: zidendene, mutu, ndi ziboda zomwe zinkaterereka pansi ngati pa sopo chifukwa udzu unkadutsa mofulumira kuposa mwendo woponda.

"Wamawu," anatero osatembenuka, "ziboda zanu zinayi zija mukadali nazo?"

"Ndinazisunga. Ndimadziwa kuti tsiku lina ng'ombe idzabwera."

Anaziika. Chete anadina batani. Ng'ombe inanyamuka, ndipo chiboda chilichonse chinatera pa phokoso lake. Foni inayambanso kunjenjemera. Iye anangokweza sipika ya kompyuta.