Chikuku cha Mateyala Aakulu

Ndinapatukira pa khomo la mayi Dorika Chisale, kwa Wimbe, kungopempha madzi akumwa. Pakhonde panali abambo atakhala pa chikuku cha olumala, cha mateyala aakulu ngati a njinga yakapalasa. Ndinawalonjera, koma anangondiyang'ana.

"Sayankhula," anatero mayiwo pondipatsira chikho. "Ndi amuna anga, a Davison. Chikukucho musachisirire, achimwene. Chinabwera mochedwa."

Ndinakhala pansi, iwo nayamba kufotokoza.

Chinali chaka chija anthu ankagona pa depoti, ziphaso zili m'manja, kudikira netiweki kuti agule feteleza wotsika mtengo. Mu Januwale a Davison anagwa ndi sitiroko ali m'munda wa fodya. Mbali ya kumanja inafa, pakamwa panapotoka. Atatuluka m'chipatala, m'mawa uliwonse ankaloza ndi dzanja lamanzere njira ya kumunda. Ankafuna kuona fodya wawo asanathyoledwe, pakuti anali womaliza: banja linali litagwirizana kale kuti mundawo ubwereketsedwe. Koma kumundako n'kutali, njira yake mchenga wokhawokha, ndipo kuwakweza pa njinga kunalephereka, ankapendekeka.

Mwana wawo Feggie, mphunzitsi ku Chamama, anapeza chikuku pa tsamba la wogulitsa wina wa ku Lilongwe. Pa chithunzi chinali cha mateyala aakulu, onenepa. Analipira pa foni, patatha masiku anayi nakatenga katoni ku Kasungu boma.

Atatsegula anapeza chikuku cha timateyala ting'onoting'ono, toyenera simenti ya m'chipatala. Mpando wake, chotsamira chake, zonse zinali zomwezo za pa chithunzi, kupatula mateyala.

Mwayi wake, Feggie anali atasunga chithunzi cha tsamba lija tsiku logula. Anachikuza pa foni.

"Amayi, taonani. Mthunzi wapansipa ndi wa timateyala tating'ono. Mateyala aakuluwa anachita kumatapo."

"Munthu n'kumata teyala pa chithunzi? Walemera nazo?"

Feggie anayamba kulemba imelo m'Chingerezi, mayi ake ali pa phewa.

"Umuuze kuti ndi mbava. Umuuze kuti Mulungu amaona."

"Tikatukwana sayankha, amayi."

"Ndiye unapitiranji kusukulu?"

Analemba nambala ya oda, tsiku logula ndi tsiku lolandira. Anaikapo zithunzi ziwiri, cha pa tsamba ndi cha chimene chinafika. Kenako anati: "Chimene munaonetsa si chimene mwatumiza. Tikupempha mutisinthire pasanathe masiku khumi. Bambo anga akufuna kukaona munda wawo, ndipo mateyala awa sangayende pa mchenga."

Yankho linabwera patatha sabata: zithunzi n'zongopereka chitsanzo. Pa tsamba paja chithunzi chinali chitasinthidwa kale. Feggie anatumizanso chija anasunga, atazunguliza mthunzi ndi mzere wofiira, nanena kuti akadandaula ku bungwe loteteza ogula. Apo wogulitsa anafewa. Anati abweze chikukucho m'katoni yake, chisanagwiritsidwe ntchito, ndipo iye akachiona adzaitanitsa china.

"Apa ndiye panandivuta," anatero mayi Dorika. "Kachikukuko, kunyozeka konseko, kakanawatulutsa kuchipinda kufika pakhonde pano, n'kumaothera dzuwa. Feggie anati, amayi, tingokasunga. Ine ndinawafunsa eni ake: bambo a Feggie, khonde kapena munda? Analoza kumunda."

Anakabweza. A Davison anatsala pa mphasa m'nyumba. Masamba apansi anathyoledwa, kenako apakati. Madzulo aliwonse mayi Dorika ankabwera ndi tsamba limodzi n'kuwaika m'dzanja, iwo n'kulinunkhiza, n'kuliyeza ndi chala kukhuthala kwake. Feggie analembanso maimelo anayi. Yankho linali limodzimodzi: katundu ali m'njira.

Chikuku chenicheni chinafika kumapeto kwa Epulo.

"Ndinawauza kuti kumunda kulibenso kanthu, tiyeni kuchigafa mukaone fodya wouma. Anakana. Ndiye ndinawakankha mpaka kumundako. Chimayenda bwino, achimwene, pa mchenga ngati pa tala."

Anapeza mitengo ya fodya itazulidwa kale, monga amalamulira alangizi, itaunjikidwa m'mphepete. Wobwereka munda uja anali atakhoma zikhomo zake. A Davison anayang'ana mizere yopanda kanthu nthawi yaitali. Kenako anagwira teyala ndi dzanja lamanzere, nayesa kutembenuza chikuku okha. Chinangozungulira pamalo pomwepo.

"Kuyambira tsiku limenelo salozanso kulikonse," anatero mayi Dorika.

Anatenga chikho chija m'manja mwanga, napukuta amuna awo pakamwa ndi nsonga ya chitenje, nawasunthira pamthunzi.