Shelefu Yodzaza ya Alamu

Sopo amapanga ndi achemwali anga, koma pa khadi la kampani pali dzina la alamu, ndipo pansi pake analembapo kuti Dayilekita. Kampani yonse ndi mapoto awiri akuluakulu, zikombole, tebulo lodulirapo ndi galaja imene galimoto sinalowemo chiyambire. Achemwali amavundula, kuthira, kudula, kenako n'kunyamula chikwama kuyenda khomo ndi khomo mpaka maondo kutupa. Alamu amavala jekete.

Ine ndine wamng'ono wawo, ndimagwira ntchito yokonza zithunzi pakompyuta pa shopu ina yosindikiza, ndipo ndimagona m'nyumba mwawo. Sukulu ya ntchitoyi anandilipirira ndi alamu omwewo. Ndanena zimenezi kuti musadabwe kuti munthu wa pakamwa ngati ine anakhala bwanji chete.

Tsiku lina achemwali anabwera akuchita kuthamanga, maondo aja ataiwalika. Mayi amene amasankha katundu wa m'sitolo yaikulu ya m'tauni, ija ogula amakankha matilole, anali atasambira sopo wathu n'kumukonda. Anati akhoza kutipatsa malo pa shelefu kwa mwezi woyeserera. Sopo akayenda tikhala, akapanda kuyenda tichoka. Koma sopo wokulunga m'pepala sangalowe, afunika bokosi, ndipo mayiwo ankafuna aone kaye chithunzi cha mmene bokosilo lidzaonekere.

“Ndikangolowa mmenemo, chikwama ichi ndichitaya,” anatero achemwali, akusisita bondo. “Ndatopa kuuwidwa ndi agalu a eni.”

Bokosi anasankha ndi alamu: loyera mbee, katsamba kobiriwira pakati, dzina m'zilembo zing'onozing'ono zotuwa. Anati zoyera ndiye za ukhondo, komanso anthu apamwamba sakonda zofuula. Ine ntchito yanga inali yopanga chithunzi choyeserera, chosonyeza bokosilo lili pa shelefu lisanasindikizidwe n'komwe. Masiku ano timagwiritsa ntchito makina aja opanga zithunzi. Umawalembera malangizo, amene timati pulomputi, iwo n'kukujambulira zimene wanena. Chimene sunanene amangodzipekera, ndiye umayenera kunena zonse ngati ukutuma munthu wosamva bwino.

Ndinayamba ndapita kusitolo kuja kukaona mzere wa sopo ndi maso anga. Nditabwerako ndinakhala patebulo lodyera n'kulemba mosabisa kanthu. Ndinati: bokosi laling'ono la katoni wopyapyala wosanyezimira, lokwana m'chikhatho. Likhale pa shelefu yachiwiri kuchokera pansi, chifukwa katundu watsopano amayambira kumeneko. Kumanzere ndi kumanja kukhale mabokosi a sopo wa ena, ambiri oyera ndi abuluu wofuwa, otalikirapo kuposa lathu. Kuwala kukhale kwa magetsi aatali a kudenga, kozizira, kofanana paliponse. Chithunzi chioneke ngati wajambula ndi munthu woimirira pakati pa njira, akukankha tilole. Nkhope ya bokosi ndinati isiyidwe yopanda mawu, chifukwa makinawa akamalemba okha amasokoneza zilembo. Katsamba ndi dzina ndinkaziikapo ndekha pambuyo pake.

Pulomputi imodzimodzi imatulutsa chithunzi chosiyana nthawi iliyonse, choncho ndinayesa kangapo kuti ndisanamizidwe ndi chimodzi. Zonse zinanena chinthu chimodzi. Bokosi lathu linkasowa. Linalipo ndithu, koma umachita kulifufuza ngati batani loyera pa bedi.

Ndinaitana achemwali. Anayang'ana, anayandikira, anatsinzina diso limodzi.

“Nanga wathu ali pati?”

Ndinawalozera ndi chala. Anangoti, “Ayi,” n'kukhala pansi.

Ndinawafotokozera kuti mwayi wathu ndi umenewu, taona tisanasindikize. Tisinthe bokosi likhale lachikasu chowala, dzina likule, basi. Achemwali anali atayamba kugwedeza mutu pamene alamu analowa, makiyi akulira m'manja.

Anaimirira kumbuyo kwanga, kupuma kwawo kukundiwomba pakhosi.

“Mlamu, kodi iwe uli mbali yathu kapena ya adani?”

“Yathu, alamu.”

“Nanga sopo wa anthu ena akutani m'chithunzi changa? Akulipira?”

Ndinati umo ndi mmene sitolo ilili. Iwo anati sanandiphunzitse kuti ndizijambula mmene zinthu zilili, zimenezo ngakhale foni imatha. Anakoka mpando, anavula jekete, chinthu chimene sachita wamba, n'kunena kuti pulomputi tilembera limodzi.

“Poyamba, shelefu ya pansiyo ayi. Ine katundu wanga sagwada. Lemba kuti ali pamwamba, polunjika ndi maso.”

Ndinalemba.

“Achotse enawo. Lemba kuti pasakhale sopo wa ena.”

Ndinawauza kuti nthawi zina ukatchula chinthu chimene sukuchifuna, makinawa amangomva dzinalo n'kuchibweretsa. Anati ndiyese, iwo ndi Dayilekita. Chithunzi chinatuluka sopo wa ena ali mbwee, wochuluka kuposa poyamba. Alamu anamenya tebulo n'kunena kuti makinawa agulidwa ndi makampani akuluakulu. Mwana wa achemwali anaseka kuchipinda, alamu anam'kalipira.

Apa ndiye ndinawathandiza ndi luso langa lonse, Mulungu andikhululukire. Ndinati tinene chimene tikufuna: shelefu yonse, kuchokera uku kufika uko, mabokosi oyera a mtundu umodzi okhaokha. Zinatheka. Alamu anawomba m'manja ngati agoletsa chigoli.

Kenako njala yawo inakula. Magetsi a kudenga anati ndi a kuchipatala, tinaika kuwala kofunda kolunjika pa bokosi la pakati. Kumbuyo anati kuderako, tinaika thabwa lakuda lonyezimira kuti choyera chionekere. Chithunzi anati chijambulidwe chapafupi, kuchokera pansi pang'ono, kuti bokosi lizioneka ngati nyumba yosanja. Anafunanso timadontho ta madzi pa katoni. Ndinati katoni akanyowa amafewa. Anati m'chithunzi safewa.

“Chomaliza,” anatero, atatsamira mpando. “Lemba kuti shelefu ndi yodzaza thothotho, palibe mpata ngakhale umodzi. Anthu adziwe kuti kampani ili ndi katundu.”

Zoona zake, chithunzicho chinali chokongola. Ine ndemwe ndinalakalaka kusamba. Achemwali anachiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndinaona kuti akufuna kuchikhulupirira.

“Koma chija choyamba chija...” anayamba motsitsa mawu.

“Mayi, inu za mapoto, ife za malonda,” anatero alamu mokoma mtima, akuwasisita paphewa. “Chija chinali cholakwika, takonza.”

Achemwali anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana mbale ya shuga. Ndinapsa mtima kwambiri, koma ndinapsera m'mimba, pakuti bedi limene ndimagonapo ndi lawo. Bokosi silinasinthe ngakhale kadontho. Tinangosintha sitolo.

Mayi wa kusitolo uja ataona chithunzicho pafoni ya alamu anati, “Chokongola,” n'kufunsa ngati bokosi lili ndi bakhodi, timizere tija towerengera mtengo, ndi kulemera kwa sopo. Za shelefu sanafunse, pakuti shelefu ndi yawo, amaidziwa. Alamu anabwera akuimba likhweru. Anasindikizitsa mabokosi ochuluka moti galaja inadzaza mpaka kudenga, ati kusindikiza pang'ono n'kwa anthu opanda masomphenya. Chithunzi chija anachiika m'felemu pabalaza, pamene panali cha ukwati wawo.

Mwezi uli pafupi kutha tinapita tonse atatu kukaona. Alamu anavala jekete yatsopano. Achemwali anavala nsapato zawo zabwino zimene zimawapana. Tinalowa mumzere wa sopo, magetsi aatali a kudenga akuwala mozizira, mofanana paliponse.

Alamu anayenda mutu uli m'mwamba, kuyang'ana polunjika ndi maso, mpaka anafika ku mankhwala otsukira mano. Anabwerera. Anadutsanso. Ulendo wachitatu nkhope yawo inawala.

“Watha!” anafuula, mpaka mayi wina anatembenuka ndi tilole yake. “Sopo yense watha! Ndinakuuzani ine!”

Anaimitsa bambo wina wovala yunifolomu amene ankasanja katundu, n'kumuuza kuti akaitane akuluakulu, Dayilekita wabwera kudzakambirana zoonjezera oda. Bamboyo anafunsa dzina la sopoyo. Alamu analitchula mokweza, kawiri. Bamboyo anaganiza pang'ono, kenako analoza pansi ndi nsonga ya nsapato.

“Si uyu mwamuimirira kutsogoloyu?”

Analipo. Shelefu yachiwiri kuchokera pansi, pakati pa mabokosi oyera ndi abuluu wofuwa, otalikirapo kuposa lathu. Chinali chithunzi changa choyamba chija ndendende, kungoti chino chinali ndi fumbi.

Alamu anati vuto ndi magetsi. Anatulutsa foni, anayatsa tochi, anawerama n'kuunika bokosi la pakati, kenako anatembenukira bambo uja.

“Mwaona? Likuonekatu! Simungaike kababu pamenepa? Ndi kathabwa kakuda kumbuyoku? Enawa muwasunthireko uko.”

Bamboyo anati akafunse ku ofesi, n'kupitiriza kusanja katundu wake. Alamu anapitadi ku ofesi, foni ili m'manja, kukawaonetsa mmene sitolo yawo imayenera kuonekera.

Tinatsala awiri. Achemwali anagwira shelefu, anatsika pang'onopang'ono, bondo limodzi kenako linalo, ndinamva likulira. Anagwada pa matailosi ozizirawo ndi nsapato zawo zabwino. Anatulutsa kansalu m'thumba n'kuyamba kupukuta mabokosi limodzilimodzi. Anapisa dzanja mpaka kumbuyo, kufufuza mpata pamene wina anachotsapo. Ine sindinafune kuyang'ana, koma ndinayang'ana.

“Pa zonse zija analembetsa alamu ako,” anatero osandiyang'ana, “chimodzi chokha makina ako anamvera mpaka kuno.”

“Chiti, achemwali?”

“Yodzaza thothotho. Palibe mpata ngakhale umodzi.”

Ndinafuna kuseka, koma m'malo mwake ndinawerama. Ndinawagwira m'khwapa kuti adzuke, ndipo analemera kuposa mmene ndinkaganizira. Atayimirira anasasa siketi yawo, anatengapo bokosi limodzi, anakaima pamzere wolipirira pa tilu n'kugula sopo wawo womwe, kuti pa shelefupo paoneke kampata.

Katundu anabwezedwa sabata yotsatira. Alamu akuti sitoloyo sinakonzekere zinthu zapamwamba, ndipo andiuza kuti ndilembe pulomputi ina, ya shelefu ya pabwalo la ndege. Chithunzi chikadali m'felemu pabalaza.

M'mawa wa Lolemba ndinapeza achemwali m'galaja, akutulutsa sopo m'mabokosi n'kumukulunga m'pepala, chifukwa mabokosi amadya malo m'chikwama. Anandipempha ndiwatukulire chikwamacho paphewa. Lamba wake anali atasokedwa kumene ndi ulusi watsopano.