Chitseko cha Bafa la Chipinda Chachitatu

Uthenga wochokera ku webusayiti yosungitsirapo malo ogona unafika Lolemba m'mawa, ndipo Telala anauwerenga ataimirira, tsache lili m'manja. Unali waufupi koma wolasa: alendo awiri adandaula kuti zolembedwa pa tsamba la nyumba ya alendo ya banja la Telala sizikufanana ndi zimene anapeza. Likabwera dandaulo lachitatu, tsambalo liyimitsidwa. Mwa alendo khumi alionse, asanu ndi atatu ankadzera pa tsamba lomwelo. Likatsekedwa, basi, nyumba ya zipinda zisanu ndi chimodzi imene bambo awo anasiyira iye ndi mkulu wake isanduka kosewerera abuluzi.

Dzina loti Telala linamukakamira chifukwa anasokapo madiresi zaka khumi asanabwere kudzathandiza mkulu wake kuyendetsa nyumba ya alendoyi. Mkulu wakeyo onse ankawatchula kuti a Shuga, ndipo dzinalo silinkanama. Mayi ameneyo akayamba kulankhula, ngakhale mpando wothyoka mwendo unkaoneka wa mfumu. Ndiwo analemba zonse za pa tsambalo: zipinda zikuluzikulu, madzi otentha nthawi zonse, malo a phee. Atafika pa timabokosi tochonga zinthu zimene nyumba ili nazo, anachonga ngati akugawa maswiti, mpaka kabokosi konena kuti oyenda pa njinga ya olumala angathe kulowa paliponse.

"Nanga si zipinda zathu zonse zili pansi? Kuli masitepe okwera kumwamba kuno?" anatero a Shuga, Telala atawaonetsa foni.

"Achemwali, mwaiwala agogo aja?"

Sanaiwale. Mwezi wathawo bambo wina anabwera ndi amayi ake okalamba, oyenda pa njinga. Njingayo inakana kulowa pa chitseko cha bafa, ndipo mwana wamwamuna anachita kuwanyamula amayi ake kuwaika pa chimbudzi. Telala anali pakhonde akupinda matawulo, ndipo anamva agogowo akulira chapansipansi chifukwa cha manyazi. Zinamupweteka kwambiri, ndipo mpaka tsikuli zinali zisanamuchoke mumtima.

Tsiku lomwelo anafukula tepi yake yakale yoyezera nsalu n'kuyamba ntchito. Chitseko cha chipinda chachitatu, masentimita 80. Cha bafa lake, 68. Sitepe ya pakhonde, 9. Anagona pabedi lililonse, anatsegula mpopi uliwonse, anayenda ndi foni m'makona onse kuti aone pamene intaneti ikuthera. Kenako anakhala pa kauntala n'kuyamba kufufuta.

A Shuga anaima kumbuyo kwake, manja ali m'chiuno. "Iwe, ukulemba malonda kapena ukuulula machimo? Ndani angasungitse chipinda atawerenga kuti madzi am'mawa ndi ofunda chabe?"

"Nanga ndiname?"

"Sindikuti uname. Koma munthu akabwera kudzayezetsa diresi, unkamuuza kuti ali ndi mimba yaikulu?"

Apa Telala anaseka, chifukwa mkulu wakeyo anali atagunda pamutu pa nkhani. Ayi, sankatero. Ankayeza moona, n'kusoka moti munthuyo aoneke bwino m'thupi lake lomwelo. Anakankha mpando wina. "Khalani apa. Ine ndizinena zoona zake, inu muziziveka."

Anakangana chiganizo ndi chiganizo mpaka tiyi anazizira. Za madzi anagwirizana kuti: "Madzi athu amatenthetsedwa ndi dzuwa. Kuyambira masana mpaka madzulo ndi otentha bwino. Wosamba m'mamawa atiuze, timubweretsera ndowa ya madzi otentha pakhomo." Chipinda choyamba, choyang'anana ndi kophikira buledi, a Shuga anachikometsa chonchi: "Ophika buledi amayamba ntchito 5 koloko. Ngati mumalawira, mudzadzuka ndi fungo la buledi wamoto. Ngati mumakonda tulo, sankhani chipinda chachisanu, chakumbuyo, kumene kuli phee." Mawu oti zikuluzikulu anachoka, m'malo mwake munalowa bedi la anthu awiri, tebulo lolembera ndi malo a masutikesi awiri. Intaneti analemba kuti imagwira pakhonde ndi m'zipinda zitatu zoyambirira. Zithunzi zakale, zimene a Shuga anajambula atakwera pampando pakona kuti chipinda chioneke ngati holo, anazichotsa n'kujambula zina ataima pakhomo ngati mlendo akulowa.

Pa kabokosi ka njinga ya olumala m'pamene panavuta. Telala anachotsa chongacho, ndipo m'mafotokozedwe a chipinda chachitatu analemba manambala ake onse aja.

"Manambala amenewa athamangitsa anthu," anadandaula a Shuga. "Ukapha nyumba ya bambo, usadzati sindinanene."

Kwa sabata ziwiri zinaoneka ngati aneneradi. Foni inali duu. Lachisanu lina munagona mlendo mmodzi yekha nyumba yonse, ndipo a Shuga ankadutsa pa kauntala akuimba nyimbo ya maliro chapansipansi, dala. Telala ankachita mantha kwambiri, koma sanakhudze tsambalo.

Kenako ndemanga zinayamba kubwera. Woyendetsa lole wina analemba kuti ndowa ya madzi otentha inafikadi 6 koloko. Mayi wina anati anasankha chipinda chachisanu ndipo anagona ngati mwana. Dandaulo panalibe.

Lachiwiri lotsatira kunabwera uthenga kudzera pa tsamba lomwelo: "Ndine mphunzitsi, ndimayenda pa njinga ya olumala. M'lifupi mwake ndi masentimita 62, ndiye pa 68 ndidutsa. Sitepe ya masentimita 9 ija mungaikepo thabwa?" Telala anathamangira kwa kalipentala wa kuseri kwa msewu ali ndi silipasi imodzi.

Mphunzitsiyo anafika Loweruka masana, mayi wansangala wa magalasi akuda. Anakwera thabwa lija yekha, analowa m'chipinda, anasuzumira m'bafa, anatembenuka n'kubwerera pakhonde pamene Telala ndi a Shuga anaima ngati ana odikira zotsatira za mayeso.

"Mukudziwa, ndinaimbira malo asanu ndi awiri," anatero. "Onse ankati, palibe vuto mayi, tidzakunyamulani. Ine ndine thumba la simenti? Inu nokha ndi amene munandipatsa manambala kuti ndiweruze ndekha." Anavula magalasi n'kuwapukuta. "Tsono mwezi wamawa tili ndi msonkhano kuno, ndipo anzanga atatu ali pa njinga ngati ine. Zipinda zonga chimenechi muli nazo zingati?"

Telala anawerengera msanga mumtima. Alendo anayi, mwina sabata yathunthu! Mabafa a zipinda zinazo anali ndi zitseko za masentimita 60 okha, ndipo a Shuga ankadziwa. Anaona mkulu wake akukoka mpweya, nkhope itayamba kale kuwala monga inkachitira bodza lokoma likamabwera. Anafuna kuwaponda phazi, koma anali patali.

A Shuga anatsegula pakamwa, n'kutsekanso.

"Chimodzi chokha, mayi," anatero ndi mawu okhala ngati achita kubwereka. "Chomwechi. M'mabafa enawo njinga singalowe."

Mphunzitsi anagwedeza mutu. "Chabwino. Chimenechi ndisungireni ine. Anzangawo tiwafunira kwina. Koma tikubweranso ndi ena asanu oyenda ndi miyendo, ndipo ndikufuna agone kuno."

A Shuga anapita ku kauntala kukatenga buku la alendo. Telala anawatsatira, n'kuwapeza atagwira cholembera, misozi ili lengelenge.

"Usandiyang'ane, iwe," anatero a Shuga. "Pita ukafunse kalipentala uja ngati zitseko za mabafa zingakulitsidwe."