Miyezi Itatu ya a Nyoni

Gracian Nyoni anali ndi mbiri ziwiri pa msika wa Lizulu. Yoyamba inali yoti kachewere amamudziwa pongogwira thumba, ndipo ogula ochokera ku Blantyre sankapakira lole asanamufunse. Yachiwiri inali yoti mowa sunamugwetsepo. Anzake ankamwa naye kachasu mpaka kukwawa, iye n'kudzuka bwinobwino, kukwera njinga mpaka kumudzi. Mbiri yachiwiriyi ndi imene ankainyadira. Ankati mutu wake ndi wa Chingoni. Koma atatha zaka zisanu ndi ziwiri pa banja, anayamba kuona kuti m'thupi lake lonse mutuwo ndi wokhawo umene unatsala woimirira.

Mwana m'nyumbamo munalibe. Mkazi wake Dailes, amene anamutenga ku Nzama, anali atamwa mitsitsi yamitundumitundu, yowawa ndi yonunkha, yonse yobwera ndi azakhali ake a Gracian, a Pauline. Palibe amene anaganizapo zomwetsa Gracian kanthu. Kodi bambo ake, malemu a Nyoni aakulu, sanabereke ana khumi ndi mmodzi chipanda chili m'manja? Gracian naye ankagwedeza mutu kuvomereza, ngakhale ankadziwa zimene zinkachitika kuchipinda, kapena tinene zimene sizinkachitika. Chilakolako chinali chitazilala. Tsiku limene wadzikakamiza, thupi linkavomera pang'ono n'kugona ntchito isanathe, ndipo iye ankanamizira kutopa ndi matumba amene sankanyamula n'komwe.

Sikuti anangokhala osachitapo kanthu. Anagula gondolosi kwa mkulu wina wa tsidya la msewu, ku Mozambique, ndipo pofuna kuti mankhwala alowe msanga m'magazi ankawaviika mu kachasu wa mutu, woyamba kutcheza uja. M'mawa botolo, masana botolo. Anadzichiritsa motero chaka chathunthu mokhulupirika kwambiri.

Chimene chinamupititsa kuchipatala sichinali mwana ayi, koma ngoma. Gracian ankavina m'gulu la pamudzi pawo, chifuwa chili pamtunda, zikopa m'chiuno, chishango kumanzere. Tsiku lina akuyeserera, atamenya phazi pansi, anamva kanthu kakugwedezeka pachifuwa. Mchimwene wake Duncan anamuyang'ana n'kunena kuti ngati mlamu walephera kubereka, woyamwitsa yekha wapezeka kale. Gulu lonse linaseka, Gracian n'kusekanso kuposa onse. Kuyambira tsikulo ankavina atavala malaya, akuti mphepo ya mwezi wa Juni.

Anapita ku chipatala cha pa boma yekhayekha, atauza Dailes kuti akukaona mbewu. Dokotala anali munthu wofatsa. Anamupapasa pachifuwa, pamimba, n'kumuuza kuti atsitse buluku. Kenako anamufunsa kuti amamwa mowa wochuluka bwanji. Gracian anati pang'ono, monga mwamuna aliyense. Atawerengetsa limodzi mabotolo a tsiku limodzi, dokotalayo anaika cholembera pansi.

Anamufotokozera kuti machende ndi amene amapanga homoni yachimuna, yotchedwa testositeroni, komanso mbewu ya abambo, ndipo mowa wambiri wa tsiku ndi tsiku umafooketsa ntchito zonse ziwiri. Mwamuna aliyense alinso ndi homoni yachikazi pang'ono, imene chiwindi chimachotsa. Chiwindi chikatopa ndi mowa, yachikaziyo imachuluka pamene yachimuna ikutsika, ndiye mabere aja. Mowa womwewo umagonetsanso mitsempha imene imadzutsa mwamuna. Gracian anafunsa za gondolosi wake. Dokotala anangomufunsa kuti amamumwera mu chiyani, ndipo atamva yankho anayang'ana pazenera kwa kanthawi.

Anamutumiza ku Lilongwe kukayezetsa umuna. Kumeneko anamupatsa kabotolo n'kumulozera kachipinda, ndipo munthu amene sanagonjepo pa mowa anakhala m'menemo pafupifupi ola, akuchonderera thupi lake ngati mlendo wopempha malo. Zotsatira zake zinati mbewu ndi zochepa, ndipo zambiri mwa zochepazo siziyenda bwino. Ali m'basi pobwerera anaganiza kuti zatengera mwini wake, nazonso zaledzera.

Dokotala wa pa boma uja anamuuza kuti thupi limatenga pafupifupi miyezi itatu kupanga mbewu zatsopano, choncho asiye mowa miyezi itatu, akayezetsenso. Sanamulonjeze mwana. Anati ambiri zimasintha, ena zimasintha pang'ono. Anamuchenjezanso kuti munthu womwa ngati iye akasiya mwadzidzidzi akhoza kunjenjemera mpaka kukomoka, ndiye anamupatsa mapiritsi a masiku oyamba n'kumuuza kuti azibwera kudzaonedwa. Pomaliza anati abwere ndi mayi akunyumba.

Dailes anamva zonse atakhala pa benchi, manja ali pamiyendo. Iyenso anamuyeza, osapeza vuto. Pobwerera, atatsika minibasi, Dailes anatembenukira kwa mwamuna wake.

“A Nyoni, zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikumwa mitengo. Ku mjigo amanditchula dzina limene inu mukulidziwa. Miyezi itatuyo ndidikira. Koma abale anu muwauze nokha, ndi pakamwa panu. Mukapanda kutero, chiliza chikangotha ine ndikupita kwathu.”

Chiliza chimenechi chinali cha bambo ake a Gracian, ndipo mwambo wake unali woti uchitike pakatha masabata asanu ndi limodzi. Gracian analonjeza kuti anena. Kusiya mowa kunamuvuta, sabata yoyamba anatuluka thukuta, manja akunjenjemera moti tiyi ankamwera m'mbale. Komabe anapirira. Ku msika anauza anzake kuti ali pa mankhwala a zilonda za m'mimba. Kunena zoona kwa abale ndiko kunamukanika. Anapita kwa Duncan kawiri, ulendo woyamba anakamba za feteleza, wachiwiri za matenda a nkhumba.

Azakhali a Pauline ndi amene anabwera okha kutatsala masiku anayi. Anamuitanira kuseri kwa khola n'kumuuza kuti amupezera mkazi wachiwiri ku Sharpevale, wa mwana mmodzi kale, ndiye palibe chokayikitsa. Adzabwera ku chiliza ngati wothandiza kuphika kuti amuone. Gracian anayang'ana nkhumba m'kholamo. Munda umodzi unamukanika kulima, tsopano akumuonjezera dimba. Anati zikomo azakhali, ndiganizapo. Dailes anali pafupi, akuanika chimera, ndipo sanatembenuke.

Pamudzi pawo mowa wa chiliza umafululidwa m'nyumba za ana a malemu, ndipo mtsuko ukatuluka, mwini nyumba ndi amene amayamba kumwa pamaso pa anthu, kusonyeza kuti mulibe choipa. Akapanda kulawa, palibe amene angaukhudze. Gracian anakumbuka zimenezi mochedwa, ataona Dailes akusefa masese. Anamufunsa ngati sakanangophika thobwa. Dailes anati bambo anu sankamwa thobwa.

Tsikulo kutacha anthu anapita kumanda, katekisiti anapemphera, nsalu inachotsedwa pa chiliza. Pobwerako anakhala pabwalo, amuna uku, akazi uko. Mtsuko wa kwa Duncan unatuluka, Duncan analawa, anthu anaombera m'manja. Kenako unatuluka wa kwa Gracian. Dailes anatunga chipanda chodzaza, anayenda mpaka pamene panali mwamuna wake, anagwada n'kumupatsa ndi manja awiri.

Fungo lija linamulowa mpaka kumsana. Ankadziwa kuti kukamwa kumodzi sikungaphe mbewu za munthu. Ankadziwanso kuti chibadwire sanamwepo kukamwa kumodzi kokha. Akanatha kugunditsa milomo chabe, akanathanso kutchula zilonda za m'mimba zija. Koma Dailes anali chigwadire, maso ali pansi, ndipo kumbali ya akazi, pafupi ndi azakhali, kunali mayi wachilendo wa duku lobiriwira akumuyang'ana ngati mbuzi ya pa msika.

Anaimirira chipanda chili m'manja.

“Zikomo akuluakulu. Mowawu ndi wabwino, koma ine sindimwa. Achipatala andiletsa.” Duncan anafuula kuti ndi zilonda zija, ndipo khomo lothawira linali lotsegula. “Si zilonda ayi, achimwene. Mwana amene mwakhala mukumufunsa kwa akaziwa, muzimufunsa kwa ine. Awa anawayeza, alibe vuto. Ine ndi amene kachasu wandiphikira mbewu.”

Azakhali ndi amene anayamba kuyankhula, akuti zimenezo n'zabodza za azungu, achimwene awo anamwa mpaka kumanda koma taonani ana awa. Mkulu wina wachikulire, mnzawo wa malemu, anawayankha ali chikhalire kuti a Nyoni aakulu ankamwa masese pa maliro ndi pokolola, sankadzukira botolo la mutu ngati phala. Duncan anayesa kuseka, anati ndiye mng'ono wathu anagwa mu mpapaya.

“Sindinagwe, achimwene,” anatero Gracian. “Ndinatsika ndekha pang'onopang'ono, botolo lili kukhwapa. Malaya aja ndimavina nawo si a mphepo. Munaona nokha.”

Anthu anaseka, ena mobisa, ena mosabisa, ndipo Gracian anaona kuti kusekedwa n'kopepuka kusiyana ndi mmene ankaganizira. Vuto linatsala la mtsuko, poti unali usanalawidwe. Akuluakulu ananong'onezana. Asanagwirizane, Dailes anadzuka, anatenga chipanda m'manja mwa mwamuna wake, anamwa kukamwa kumodzi n'kupukuta milomo. Anati pa zonse zimene wamwa pamudzi pano, ichi chokha ndiye chokoma. Kenako anakachipereka kwa azakhali. A Pauline anachiyang'ana nthawi yaitali asanalandire. Mayi wa duku lobiriwira anatsuka mbale zake n'kunyamuka dzuwa likadali pamutu.

Ku Lizulu nkhani inafika Gracian asanafike. Onyamula matumba anayamba kumutcha a Thobwa, ndipo iye ankayankha. Ena anasiya kumuitana pokambirana mitengo ya kachewere, poti zokambirana zoterozo zimathera pa botolo. Awiri anamutsatira padera, aliyense tsiku lake, kumufunsa chitseko chimene munthu amalowera ku Lilongwe kuja, akuti akufunsira mnzawo.

Miyezi itatu itakwana anapitanso, ulendo uno ndi Dailes. M'kachipinda muja sanachedwe, ndipo potuluka anayang'ana wotchi ya pakhoma monyadira. Zotsatira zinati mbewu zachulukirapo ndipo zambiri zikuyenda, ngakhale sizinafike pamene dokotala ankafuna. Mabere anali atasiya kupweteka koma sanachoke, ndipo anamuuza kuti mwina sadzachokeratu. Anamuuzanso kuti apitirize, abwerenso pakatha miyezi ina itatu.

M'basi Gracian anafunsa Dailes ngati miyezi ina itatuyo adikira. Dailes anali akusenda nthochi. Anati chikwama chimene analongedza kuti apite kwawo anachimasula kale tsiku la chiliza, ndiye kaya a Nyoni sanaone. Anamupatsa theka la nthochiyo n'kumuuza kuti akatsika agule sopo, ndipo gondolosi watsala pawindo uja akamutaye yekha.