Tepi ya Atelala

Atelala analowa m'kalasi mwanga osagogoda, tepi ili m'khosi, aHedi akuwatsata pambuyo ngati mbuzi yogulidwa.

"Madamu, mwana wanga ndinamutumiza kudzadula mapepala? Anzake akulemba, iye ali ndi sizasi. Sizasi kwathu zilipo! Lero lomwe ndikumuchotsa pano."

Mtima unandipweteka. Mwana wawoyo, amene anzake amamutcha Kachetechete, anatha miyezi iwiri osatsegula pakamwa pa masamu. Sabata imeneyo m'pamene anali atayamba kukweza dzanja, ngakhale linkathera pakhutu.

Tinali pa mafulakishoni. Pabolodi panali funso limodzi la ana onse makumi asanu ndi awiri: chachikulu n'chiti, 3/5 kapena 2/3, ndipo wadziwa bwanji? Ena ankafananitsa manambala apansi m'makope. Ena ankajambula mzere wa manambala. Gulu la Kachetechete linkadula timapepala tofanana kutalika n'kutiyika pamodzi. Othamanga ndinawawonjezera ntchito yopeza fulakishoni yokhala pakati pa ziwirizo, kuti asandigwetsere mabenchi. Yankho ankaloledwa kulemba, kujambula kapena kulifotokoza pakamwa, koma wopanda chifukwa sindinkamuchonga.

AHedi, amene amaopa makolo kuposa njoka, anandinong'oneza. "Ingowapatsani onse zofanana, nkhani ithe."

Ndinawapatsa atelala choko. "Bambo, funso ndi ilo. Tithandizeni."

Analiyang'ana nthawi yaitali.

"3/5," anatero. "Manambala ake ndi akuluakulu."

"N'zoonekeratu," aHedi anavomereza msanga.

Ana anga ndi aulemu, koma mapewa awo ankagwedezeka.

"Nanga kasitomala atabwera ndi nsalu ya mainchesi khumi ndi asanu?" ndinafunsa.

Choko chinagwa pansi. Tepi inachoka m'khosi, chala chikuyenda. "Ukaigawa pasanu n'kutenga patatu, naini. Ukaigawa patatu n'kutenga pawiri, teni. Aaa! Chachikulu ndi 2/3. Ndani ananena zinazo?"

AHedi anali akuyang'ana denga.

"Funso ndakuchepetserani?" ndinatero.

"Ayi."

"Ndiye n'chifukwa chiyani pachoko munagwa, patepi mwakhoza?"

Asanayankhe, panamveka mawu kumbuyo. Kachetechete anali ataimirira, timapepala tiwiri, ka 2/3 ndi ka 3/5, tili m'manja.

"Ababa, onani. Aka kapitirira pang'ono. Kapepala kathunthu ndikakadula m'zidutswa khumi ndi zisanu, aka kali ndi teni, aka naini. Kusiyana kwake ndi kachidutswa kamodzi, 1/15."

Za kusiyanazo sindinamufunse, ndipo sindinali nditaphunzitsa. Misozi inalengeza m'maso mwanga, ndikuvomera.

Atelala anamuyang'ana mwana wawo ngati akumuona koyamba. Kenaka anatola sizasi yathu padesiki, n'kuiyesa pachala.

"Sizasi yanji iyi, Madamu? Yobuntha chonchi, mwana angaphunzire nayo masamu? Mawa abwera ndi yanga."