Zimene Amayi Anakhwatcha

Ku ofesi ya maloya kumene ankagwira ntchito ankamutchula kuti Sekeletale, ndipo dzinali linamutsatira mpaka kunyumba. Mungazungulire maofesi a m'mizinda yonse, kukwera ndege ndi kutsika, simudzapeza zala ngati zake. Loya akalemba ngati waledzera, kukhwatcha apa, kuwonjezera apo, iye ankatulutsa pepala loyera loti munthu n'kudyerapo. Lamulo lake linali limodzi: chokhwatchidwa chafa, chamoyo ndi cholembedwa pomaliza.

N'chifukwa chake amayi atamwalira, ntchito yotaipa kope lawo la zophikaphika inagwera iye. Achemwali ake aakulu, amene banja lonse linkawatcha a Chisamba, anali atanena kale kuti kopelo alitenga pobwerera kutali kumene anakwatiwa, ndipo basi yawo inali ya Lamlungu. Otsala akhale ndi zimene Sekeletale ataipe. Akalakwitsa, ndiye kuti keke ya mandimu ya amayi, ndi zina zonse za m'kopemo, zakwera basi osabweranso.

Kopelo linali lotopa ngati iye mwini. Masamba anali atamwa mafuta mpaka kuonekera mbali inayo, ndipo za pensulo sizinkatuluka n'komwe pa chithunzi cha foni. Amayi sankalemba mawu athunthu, ankati nthawi yake palibe. Sekeletale akaweruka ankakhala pa tebulo la kukhitchini, nsapato atavula, msana ukuwawa, n'kumamasula chimodzichimodzi. "S.t." inali supuni ya tiyi, "s.y." supuni yaikulu, "b.p." beking'i pauda. Kaphiri kojambulidwa pamwamba pa chilembo kankatanthauza kuti supuni idzaze mpaka kutumphuka, kamzere kogona kuti isalazidwe ndi mpeni. Koma "k.b." inamuzunguza mutu mpaka bambo, amene ankawodzera pa mpando wa pakhomo, ananena osatsegula maso kuti imeneyo ndi kapu ya buluu, ija akusungiramo mapegi a zovala.

Sekeletale anaitsuka, naidzaza madzi, nawathira mu jagi yoyezera. Sinafike pa kapu ya m'mabuku, inaperewera pafupifupi kota. Anabwereka sikelo, nayeza fulawa wa kapu yotumphuka ndi wa kapu yosalaza, shuga payekha, majarini payekha, popeza kapu imodzi ya zinthu zosiyana silemera mofanana. Zonse anazilemba m'magalamu. Inali ntchito yoti ngakhale loya wamkulu akanaivulira chipewa.

Loweruka masana anaphika keke ya mandimu potsatira pepala lake, kuti onse aone kuti latheka. Inakwera bwino, mpeni unatuluka wouma. Anaidula, nakhala pansi kudikira kuyamikiridwa.

A Chisamba analuma kamodzi, natafuna nthawi yaitali ngati akutafuna mankhwala, kenaka anakankha mbale.

"Mwana wa amayi, uyu ndi buledi wa mandimu. Shuga unamusiya ku ofesi?"

Mlongo wawo wamng'ono, Mzime, dalaivala wa malole amene mimba inayamba kumutsogolera, anali atamaliza kale chidutswa chachiwiri. Maso ake anali atanyowa. Ananena kuti chimwalirireni amayi sanalawe chinthu chofanana nayo chonchi, kuti ndi yomweyo ndithu, ndipo achemwali lilime lawo linawonongeka ndi zakudya za kwa eni ake. A Chisamba anamukumbutsa kuti pamene iwo ankaphwanyira amayi mazira a keke imeneyi, iye anali asanaganiziridwe n'komwe. Ya amayi inali yofiirira pamwamba, yonata ku zala, yotsekemera mpaka kukhosi. Mzime anati ayi, inali yotuwa, ndipo mandimu ankamveka kuposa shuga. Anakangana mopanda mphamvu, monga amakanganirana anthu amene atha sabata akugawana zovala za malemu.

Sekeletale sanalowerere. Chimene chinkamuvuta n'chakuti nayenso sinamukhutiritse. Keke imene iye ankaikumbukira sinali ya achemwali, komanso sinali ya Mzime. Inali pakati penapake.

A Chisamba anaitanitsa kope kuti amuonetse pamene walakwitsa. Anatsegula tsambalo, naloza ndi chikhadabo: pa mzere wa shuga panali "2 k.b." ya inki ya buluu. Sekeletale anayankha kuti imeneyo inakhwatchidwa. Pambali pake panali "1" ya inki yakuda, yokhwatchidwanso, ndipo pamwamba pa zonse panali theka lolembedwa ndi pensulo, lokhalo lamoyo. Mzere wa mkaka nawo unali wokhwatchakhwatcha, koma nambala zake zinkakwera pamene za shuga zinkatsika. Iye anatenga zomaliza, monga achitira munthu aliyense wodziwa ntchito.

Bambo anapempha kuti awasendezere mbale. Anadya pang'onopang'ono, natola nyenyeswa ndi chala, kenaka anafotokoza ngati akunena za mvula ya chaka chatha. Inki ya buluu inali ya pamene iwo anali bwino. Adokotala atawapeza ndi matenda a shuga, amayi anadula shuga pakati, nawonjezera mkaka kuti keke isaume. Matenda atakula anadulanso. Nthawi imeneyo a Chisamba anali atakwatiwa kale, Sekeletale ali ku sukulu yogonera konko, Mzime akadali m'nyumba.

"Ndiye yeniyeni ndi iti, ababa?" anafunsa Mzime.

"Ine ndinadya zonse," anatero bambo. "Funsani amene ankasankha."

Sekeletale anatenga kope, nayamba kutembenuza masamba. Mabisiketi, masikono, jamu, pudini, paliponse zinali chimodzimodzi. Mchere wotsika chaka chimene magazi a amayi anayamba kuthamanga. Mazira ochepa, kenaka obwereranso. Nthawi zophikira ziwiriziwiri, ina ya uvuni yakale yosachedwa kupsereza, ina ya yatsopano. Zonsezi iye anazidumpha ndi manja ake aukatswiri, nasiya pa pepala chakudya cha nkhalamba ziwiri zodwala. Anayang'ana mulu wa mapepala ake oyera, okhomedwa bwino ndi sitepula, ndipo anamva kutopa kukuchokera m'zidendene mpaka m'khosi.

Anawapempha achemwali ake kuti amusiyire kopelo mwezi umodzi, adzawatumizira. A Chisamba anakana. Anati zinthu za m'banja muno zikabwerekedwa sizibwerera, umboni wake ndi makina awo osokera. Anawapemphanso, nayenso akudziwa kuti akungotaya malovu.

Kenaka a Chisamba anausa moyo, natulutsa magalasi m'chikwama, nakoka mpando mpaka unagunda wa mng'ono wawo.

"Yatsa chimakina chakocho. Ine ndiziwerenga, iwe uzitaipa. Zokhwatcha zomwe, ndi mtundu wa inki. Basi ikandisiya, tikiti ina ugula ndiwe."

Sekeletale anatsegula laputopu, napanga mizere itatu yotsika: buluu, yakuda, pensulo. Mzime anatumidwa kukaika madzi a tiyi pamoto, ndipo anapita akung'ung'udza, keke yotsala ili m'manja. Pa tsamba loyamba lomwe anakanirira pa nambala ina yonyowa mafuta, achemwali akuti ndi wani, iye akuti ndi seveni. Analiunika pa windo, analipendeketsa, osagwirizana. Sekeletale, amene chiyambireni ntchito anali asanatulutsepo pepala lokayikitsa, analemba zonse ziwiri, naika chizindikiro chofunsa pambali pake.

"Tsamba lina, achemwali," anatero.